Kufupikitsa zimene mwawerenga m'mawu anuanu popanda kuba ntchito ya mwini

Lekichala wakupatsani mutu wa buku wa masamba 20, akufuna chidule cha mawu 300. Mwawerenga, mwakhwatchakhwatcha mizere pansi pa ziganizo zokoma, ndipo tsopano mwakhala pansi, buku lili chitsegukire kumanzere, pepala lanu kumanja. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Maso amatola chiganizo m'buku, dzanja limasintha mawu awiri kapena atatu, kenaka chiganizo chotsatira chimodzimodzi. Pomaliza munthu amaona ngati walemba yekha, koma wochonga amaona mafupa a mwini buku atavekedwa malaya ena. Kumeneko ndiye kuba ntchito ya mwini, komwe kusukulu amati pulejalizimu, ndipo mlandu wake suzimiririka chifukwa choti simunachite dala.

Pali ngongole ziwiri zimene muli nazo kwa mwini nkhani, ndipo kubweza imodzi sikuthetsa inzake. Mawu ndi kamangidwe ka ziganizo ndi zake, choncho muzisiye kapena muziike m'mitengero, zizindikiro zija zosonyeza kuti awa ndi mawu a wina. Mfundo nayonso ndi yake, choncho ngakhale mutaifotokoza m'mawu anu onse, dzina lake litchulidwe. Wina amatchula dzina koma wakopera chiganizo chonse popanda mitengero. Wina amalemba m'mawu ake bwinobwino koma osatchula gwero. Onsewa alakwa.

Tigwiritsa ntchito ndime imodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Ndimeyi ndailemba ndekha kuti iimire buku limene mwapatsidwa, ndipo mwini wake tingomutcha Uje, tingoti buku lake linatuluka mu 2020 ndipo ndimeyi ili patsamba 14. Uje ndi wongoyerekezera, koma anthu awiri amene akuwatchula ndi enieni, ndipo ntchito zawo zilipo.

"M'chaka cha 1956, George Miller analemba kuti munthu wamkulu amatha kusunga m'mutu zinthu pafupifupi 7 pa nthawi imodzi, mwina kuchepera kapena kupitirira ndi 2. Iye anatsindika kuti malirewa sawerengedwa ndi kuchuluka kwa uthenga, koma ndi chiwerengero cha magulu amene uthengawo wamangidwamo. Wophunzira kumva zizindikiro za Morse, zotumizira uthenga ndi kamvekedwe kakafupi ndi kakatali, amayamba ndi kugwira kamvekedwe kamodzikamodzi, kenako malembo, kenako mawu athunthu, ndipo zimene amakumbukira zimachuluka ngakhale chiwerengero cha magulu sichinasinthe. Mu 2001, Nelson Cowan anaunikanso umboni ndipo anati malire enieni angakhale magulu 4, ngati munthu waletsedwa kubwereza zinthuzo mumtima kapena kuzimanga m'magulu. Choncho n'kutheka kuti aphunzitsi amene amapereka mfundo zambiri nthawi imodzi amalemetsa ophunzira atsopano kuposa ozolowera phunzirolo."

Ndimeyi ili ndi mawu pafupifupi 100. M'chidule cha mawu 300 cha mutu wonse, gawo lake silingapitirire mawu 50 kapena 60.

Choyamba: lembani za gwero musanawerenge nkomwe

Pamwamba pa pepala la notsi lembani dzina la mlembi, chaka, mutu wa buku ndi wosindikiza. Ngati ndi nkhani ya m'magazini ya kafukufuku, onjezani dzina la magaziniyo, voliyumu, nambala ndi masamba. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi imapulumutsa usiku wathunthu. Ine ndinaphunzira mowawa: ndinabweza buku ku laibulale, wina n'kulibwereka, ndipo ndinatsala ndi mfundo zitatu zabwino zopanda tsamba ngakhale chaka. Ziwiri ndinazitaya.

Chachiwiri: werengani mpaka muthe kuifotokoza pakamwa

Werengani kawiri. Ulendo woyamba musalembe kanthu. Ulendo wachiwiri dzifunseni kuti mlembi akufuna kundiuza chiyani, ndipo ndi ziti zimene zangobwera kudzathandiza mfundoyo. M'ndime ya Uje muli mfundo zitatu: malire alipo ndipo akatswiri awiri apereka ziwerengero zosiyana, chowerengedwa ndi magulu, ndipo izi zingakhudze kaphunzitsidwe. Nkhani ya Morse ndi chitsanzo chabe. M'chidule, zitsanzo ndizo zimayamba kutsika m'galimoto.

Mukaona kuti simungathe kufotokoza ndime popanda kusuzumira, vuto si kusowa mawu. Simunaimve. Munthu amamatirira mawu a mwini pamalo enieni amene sanamvetse, chifukwa akuopa kuti akasintha aphwanya tanthauzo. Bwererani pomwepo, fufuzani mawu ovutawo, mufunse mnzanu.

Chachitatu: notsi zikhale zoduladula

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Notsi zikakhala ziganizo zathunthu, kawirikawiri zimakhala ziganizo za mwini, ndipo pakatha masiku anayi simukumbukanso kuti ndi ziti munakopera, ndi ziti munapanga nokha. Lembani zidutswa zopanda aneni ambiri, motere:

Miller 1956, pafupifupi 7. Cowan 2001, mwina 4, pokhapokha kubwereza ndi kumanga magulu zitatsekedwa. Miller: magulu, osati kukula kwa uthenga. Maganizo a Uje mwini: mfundo zambiri, atsopano amavutika, koma akuti "n'kutheka". Tsamba 14.

Taonani zinthu zitatu m'notsi zimenezi. Mfundo iliyonse ili ndi mwini wake pambali. Mawu amene ndawatenga momwe alili ndawatsekera m'mitengero pomwepo, ngakhale ndi liwu limodzi. Ndipo tsamba lalembedwa. Maganizo anu akakubwererani mukuwerenga, alembeni, koma muike chizindikiro chanu, kaya nyenyezi kaya liwu loti "ine", kuti asasakanikirane ndi a mlembi.

Chachinayi: tsekani buku, lembani kuchokera m'notsi

Tsekani ndithu, kapena tembenuzani foni chafufumimba. Ngati nthawi ilipo, dzukani kaye muyende pang'ono, kuti kamvekedwe ka ziganizo za mwini kachoke m'makutu.

Tiyeni tione kaye zimene zimatuluka munthu akalemba buku lili chitsegukire:

"Mu 1956, George Miller ananena kuti munthu wachikulire amakwanitsa kugwira m'mutu zinthu pafupifupi 7 nthawi imodzi. Iye anagogomeza kuti malirewa sayezedwa ndi unyinji wa uthenga, koma ndi nambala ya magulu amene uthengawo waikidwamo (Uje, 2020)."

Dzina latchulidwa, chaka chilipo, koma ntchitoyi ndi yobabe. Ikani chiganizo chachiwiri pansi pa cha Uje muone: "anatsindika" wasanduka "anagogomeza", "sawerengedwa" wasanduka "sayezedwa", "kuchuluka" kwasanduka "unyinji", "chiwerengero" chasanduka "nambala". Liwu lililonse lakhala pampando womwe panali lakale. Wolemba sanaganize kanthu, wangosinthanitsa. Komanso taonani kuti watha mawu oposa 30 asanafike n'komwe pa Cowan. Kusinthanitsa mawu sikufupikitsa, chifukwa munthu akutsatira chiganizo ndi chiganizo, ndiye utali umatsala womwewo.

Njira yothawira msampha umenewu ndi kuyambira pena. Uje wayambira pa chaka ndi dzina n'kutsata mbiri. Inu yambirani pa funso limene ndime yonse ikuyankha, kenaka phatikizani zimene iye anazipatula. Miller ali m'chiganizo choyamba, Cowan m'chachinayi, koma akukangana pa chinthu chimodzi, choncho akhale m'chiganizo chimodzi. Nayi nkhani yoyamba kuchokera m'notsi:

"Akatswiri sagwirizana pa malire a zimene munthu angagwire m'mutu kwa kanthawi: Miller anaika pa magulu 7, Cowan pa 4. Chofunika ndi chiwerengero cha magulu, ndipo n'chifukwa chake phunziro lothinana limavutitsa wophunzira watsopano."

Kamangidwe tsopano ndi kanu. Koma musathamangire kupereka, muli zilema zitatu.

Chachisanu: tsegulaninso buku, muyerekeze

Poyerekeza mukufufuza mbali ziwiri zotsutsana: kodi ndayandikira kwambiri mawu a mwini, nanga kodi ndatalikira kwambiri tanthauzo lake? Ambiri amangoopa yoyambayo. Koma m'chidule yachiwiriyi ndi imene imaluma, chifukwa pofuna kusunga malo timadula timawu ting'onoting'ono, ndipo timawu timeneti ndi timene timanyamula kusamala kwa mlembi.

Chilema choyamba: "pafupifupi" wagwa. Miller sanakhomere pa 7 ndendende. Chachiwiri: 4 wa Cowan anali ndi "ngati" wake, woti munthu asapatsidwe mpata wobwereza kapena womanga magulu. Mukachotsa zimenezi, owerenga aona ngati awiriwa anayeza chinthu chimodzi m'njira imodzi n'kupeza mayankho osemphana. Chachitatu ndicho choopsa: Uje anati "n'kutheka", ife talemba "limavutitsa" ngati nkhani yotsimikizika, ndiponso sitinanene kuti ganizoli ndi la Uje. Woliwerenga angaganize kuti ndi la Cowan, kapena lathu. Kumuika munthu mawu m'kamwa si kuba, komabe ndi bodza, ndipo wochonga amene akulidziwa bukulo amadula malikisi pomwepo.

Tikakonza zimakhala chonchi:

"Uje (2020) akuyerekeza ziwerengero ziwiri za malire a zimene munthu angagwire m'mutu kwa kanthawi: magulu pafupifupi 7 a Miller, ndi 4 a Cowan pamene mpata wobwereza kapena wophatikiza zinthu watsekedwa. Popeza malirewa ndi a magulu, osati a kukula kwa uthenga, iye akuganiza kuti phunziro lothinana lingavutitse kwambiri wophunzira watsopano (p. 14)."

Mawu ndi pafupifupi 50, theka la ndime ija. Onani mneni amene ndasankha: "akuganiza". Aneni onenera amasiyana kulemera. "Watsimikiza" ndi "waonetsa" ndi a zinthu zimene mlembi wabweretsera umboni. "Akuganiza" ndi "akuona ngati" ndi a zimene mwini wake akuzikayikira. "Akutsutsa" ndi wa mkangano. Sankhani wolingana ndi mphamvu imene mlembi anaikapo.

Mwina mwaona kuti "magulu", "malire" ndi "uthenga" sanasinthe. Zili bwino. Mawu amene ndi dzina la chinthu m'phunzirolo sasinthidwa, monganso maina a anthu, zaka ndi ziwerengero. Wophunzira amene amasaka liwu lina la "mpweya wa okosijeni" pofuna kuthawa kukopera amangotulutsa zoseketsa. Chosintha ndi zimene zikuzungulira mawuwo. Poyerekeza, ine ndimakhwatcha paliponse pamene mawu anayi kapena asanu otsatizana afanana ndi a m'buku, n'kudzifunsa ngati ndi dzina la chinthu kapena ndi kalembedwe ka mwini. Limeneli si lamulo la sukulu iliyonse, ndi sefa yanga chabe, ndipo chiganizo chingathe kudutsa sefayi chili chobabe, monga chija cha "anagogomeza".

Nanga mawu akakhala okoma moti simufuna kuwasiya? Atengeni momwe alili, m'mitengero, ndi tsamba lake. Koma m'chidule cha mawu 300, kamodzi kapena kawiri n'kokwanira, ndipo kakhale kachidutswa, osati ndime. Lekichala akufuna aone ngati mwamva, ndipo mawu ogwidwa saonetsa zimenezo.

Chachisanu ndi chimodzi: ikani gwero pamalo pake

Funsani kaye kalembedwe kamene dipatimenti yanu imafuna, chifukwa kamasiyana. Pano nditsata APA, kope la nambala 7, kamene kamagwiritsa ntchito dzina la mlembi ndi chaka. Dzina lingalowe m'chiganizo kapena likhale m'mabulaketi kumapeto, mpumiro ukubwera pambuyo pa bulaketi:

```
Uje (2020) akuti ...
... (Uje, 2020).
... (Uje, 2020, p. 14).
```

Mukagwira mawu enieni, tsamba ndi lokakamiza. Mukafotokoza m'mawu anu, APA sikakamiza, koma imalimbikitsa ngati zingathandize wowerenga kupeza malowo m'buku lalitali. Ine ndimaika, chifukwa tsiku lofunsidwa kuti mfundoyi munaitenga pati, yankho limakhala lili pomwepo. Alembi akakhala awiri, onse atchulidwe nthawi zonse. Akakhala atatu kapena kuposa, lembani woyamba yekha ndi `et al.` kuyambira ulendo woyamba. Chaka chikasowa, pamalo pake pamalowa `n.d.`

Chidule cha gwero limodzi chili ndi vuto lakelake: kodi ndiike mabulaketi pa chiganizo chilichonse? Ayi. Mukatero mudya mawu anu 300 ndi zaka zokhazokha. Kungoika kamodzi kumapeto kwa ndime yaitali nakonso n'kulakwa, chifukwa wowerenga sadziwa kuti mfundo za mlembi zayambira pati. Tchulani mlembi ndi chaka m'chiganizo choyamba, kenaka musunge ulusi ndi mawu monga "iye akupitiriza kuti", "mlembiyu akuonjeza", "malinga ndi Uje". Mukayamba ndime yatsopano, bwerezani dzina ndi chaka. Mukalowetsa gwero lina pakati, kapena ganizo lanu, onetsani malire poyera, ndipo pobwerera kwa woyamba mumutchulenso. Tiyerekeze mukufuna kuonjeza kuti wophunzira watsopano amavutika chifukwa magulu ake akadali aang'ono. Ndime ya Uje ikulozera komweko koma sinanene. Chiganizo chimenecho chiyambe ndi "izi zikusonyeza kuti" kapena "ine ndikuona kuti", chisabisale pansi pa dzina lake. Ndipo onetsetsani kaye ngati asayimentiyo ikulola maganizo anu. Zidule zambiri sizilola.

Tsopano nkhani ya Miller ndi Cowan. Inu simunawawerenge, mwawamva kudzera mwa Uje. Chiyeso chimakhala choti mulembe (Miller, 1956) basi, kuti zioneke ngati munafukula zambiri. Musatero. Ngati Uje anamumva molakwa Miller, cholakwacho chisanduka chanu, ndipo lekichala akakufunsani za nkhaniyo mudzangoti kakasi. Pamene mukufuna kupatsa mfundo dzina la mwini weniweni, APA imati mulembe chonchi:

```
(Miller, 1956, as cited in Uje, 2020)
```

Pamndandanda wa magwero kumapeto pamalowa Uje yekha, chifukwa ndiye munamugwira m'manja. Koma ngati mfundo ya Miller ndiyo nsanamira ya asayimenti yanu, ndi bwino kukaifuna nkhaniyo n'kuiwerenga. Ili ndi masamba 17 okha, ndipo mukaiwerenga mudzapeza kuti mwini wakeyo kumapeto akukayikira ngati kubwerezabwereza kwa nambala 7 kuli ndi tanthauzo lakuya, chinthu chimene mabuku ofupikitsa nthawi zambiri sanena. Mukatero ndiye muli ndi ufulu woitchula mwachindunji ndi kuilemba pamndandanda:

```
Miller, G. A. (1956). The magical number seven, plus or minus two: Some limits on our capacity for processing information. Psychological Review, 63(2), 81–97. https://doi.org/10.1037/h0043158
```

Dzina la magazini ndi nambala ya voliyumu, 63, zimalembedwa mopendeketsa, pamene (2) ndi masamba zimaima chilili. Mutu wa nkhani umasiyidwa m'chinenero chimene unalembedwera.

Mawu amodzi kwa amene amawerenga m'chinenero china n'kulemba m'china. Kumasulira sikusandutsa mfundo kukhala yanu. Ngakhale palibe liwu limodzi lofanana ndi la m'buku, gwero litchulidwe. APA imatenga kumasulira kwanu ngati kufotokoza m'mawu anu, choncho simuika mitengero, koma dzina ndi chaka zikhalepo, ndipo tsamba ndi lothandiza kwambiri pano. Komabe m'chidule musamasulire chiganizo ndi chiganizo. Dutsani m'notsi monga tachitiramu.

Si chilichonse chimafuna gwero. Zoti madzi amaundana akazizira kwambiri aliyense amadziwa. Koma chiwerengero, zotsatira za kafukufuku, tanthauzo limene mlembi wapereka, kagawidwe kake ka mfundo, ngakhale chitsanzo chimene anasankha, zonsezi ndi zake. Chitsanzo cha Morse chija mukanachisunga, chikanafuna dzina.

Pomaliza: kuonetsetsa musanapereke

Tengani cholembera, muyende chiganizo ndi chiganizo, pambali pa chilichonse mulembe chilembo choyamba cha mwini mfundo: U, M, C, kapena I pa zanu. Kenaka dzifunseni ngati munthu amene sanaone bukulo angathe kulemba zilembo zomwezo pongowerenga chidule chanu. Pamene angasokonezeke, pakufunika dzina kapena kamawu kolumikiza. Mukatha, yerekezani maina a m'kati ndi a pamndandanda: aliyense wotchulidwa m'kati apezeke kumapeto ndi chaka chomwecho ndi kalembedwe ka dzina komweko, kupatula amene mwawatchula ndi `as cited in`, ndipo pamndandanda pasakhale buku limene silinatchulidwe m'kati.

Ngati sukulu yanu imadutsitsa ntchito mu pulogalamu yofufuza kufanana kwa mawu, monga Turnitin, musangoyang'ana peresenti. Pulogalamuyo imaonetsa mawu ofanana ndi a kwina, siweruza mlandu. Mndandanda wa magwero, mitu ya mabuku ndi mawu ogwidwa bwinobwino zingakweze nambalayo popanda cholakwa, pamene chiganizo chosinthanitsa mawu kapena chomasuliridwa chingadutse osapakidwa mtundu, lekichala n'kudzachigwira ndi maso. Tsegulani lipotilo, muone malo aliwonse opakidwa. Pakakhala dzina la chinthu kapena mutu wa buku, pasiyeni. Pakakhala chiganizo cha mwini, musayambe kusinthamo mawu amodziamodzi mpaka mtundu uchoke. Chifufuteni chonse, mubwerere ku notsi zija, buku lili chitsekere, muchilembenso.